Uthenga wodziwitsa bwana kuti mwadwala ndipo lero simupita kuntchito: mafunso ndi mayankho

Kwa zaka zingapo ndinali wosunga buku lolembamo obwera ndi ojomba pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay, ndipo mauthenga a anthu odwala ankadutsa m'manja mwanga asanafike kwa a manijala. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene antchito anzanga ankandifunsa kawirikawiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene ndinkalakalaka akanandifunsa zinthu zisanawaipire.

Kodi uthengawu uyenera kukhala ndi chiyani?

Munthu amene akulandira uthenga wanu m'mawa ali ndi vuto limodzi lalikulu, lomwe ndi lakuti ntchito yanu ya lero iyende bwanji inu palibe. N'zoona kuti akumverani chisoni, koma pamene akuwerenga amakhala akuganiza kale za amene angaime m'malo mwanu. Choncho uthenga wabwino ndi umene ukumuuza kuti ndinu ndani, kuti mwadwala, kuti lero simubwera, chimene mukuchita ndi matendawo, pamene pali zinthu za ntchito zimene zili m'manja mwanu, ndi nthawi imene mumudziwitsenso. Zimenezi zikuoneka zambiri, koma zimakwana m'mizere inayi kapena isanu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mayi wosunga katundu pa malo ogona alendo ku Senga Bay, amene amakhala ku Kamuzu Road ndipo amayenera kufika pantchito 7 koloko m'mawa. Usiku wonse wagona akumva kuzizidwa, thupi likutentha, mutu ukuwawa, ndipo mbandakucha wasanza kawiri. Makiyi a chipinda chosungiramo zakudya ali m'chikwama chake, ndipo galimoto yobweretsa zakumwa ikuyembekezeka 10 koloko. Nthawi ili 5:40, iye akulemba motere:

"Mwadzuka bwanji bwana? Ndine Uje wa ku sitolo. Pepani, ndadwala usiku, thupi likutentha ndipo ndikusanza, choncho lero sinditha kubwera kuntchito. Ndikupita kuchipatala m'mawa uno. Makiyi ndawapatsa mng'ono wanga, afika nawo kwa alonda isanakwane 7 koloko. Katundu wa zakumwa afika 10 koloko, oda yake ili m'buku lofiira. Ndikudziwitsani masana zimene anena a dokotala."

Mawu ofunika kwambiri mu uthenga wonsewu ndi akuti "lero sinditha kubwera kuntchito". Anthu ambiri amawasiya, n'kungolemba kuti "sindinadzuke bwino" kapena "m'thupi simuli bwino", ndipo bwana amatsala osadziwa ngati munthuyo abwera mochedwa kapena sabwera n'komwe. Ine ndinaonapo a manijala akudikirira munthu mpaka 9 koloko chifukwa cha mawu otere, pamene akanatha kuitana wina wolowa m'malo kuyambira 6 koloko.

Nanga ngati ndilibe bandulo ya intaneti, kapena foni yanga ndi yaing'ono ya mabatani?

Tumizani uthenga wamba wa SMS, ndipo nthawi zambiri umenewu ndi wodalirika kuposa wa pa WhatsApp, chifukwa umafika ngakhale bwana atazimitsa intaneti pa foni yake. Uthenga umodzi wa SMS umalola zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo mukapitirira pamenepo foni imaugawa pawiri n'kukudulani mtengo wa mauthenga awiri. Ngati mayunitsi ali ochepa, mukhoza kufupikitsa chonchi: "Bwana, ndine Uje. Ndadwala, lero sindibwera. Ndikupita kuchipatala. Makiyi ali ndi alonda. Ndikudziwitsani masana." Uthenga umenewu sukufika zilembo 120, koma zonse zofunika zilimo.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene olemba Chichewa mosamala ayenera kukadziwa. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu monga maŵa, sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS, ndipo mukangochiika kamodzi malire a uthenga umodzi amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70. Pa tsiku lotere lembani w wamba.

Chimene simuyenera kuchita ndi kungofulasha kapena kutumiza uthenga wopempha kuti akuimbireni, kenako n'kugona poganiza kuti mwadziwitsa. Kufulasha sikunena kanthu, ndipo tsiku lofunsidwa simudzakhala ndi choonetsa.

Kodi nditumize nthawi yanji?

Nthawi yoyambira ntchito isanakwane, ndipo mpata wake ukhale wokwanira kuti wolowa m'malo mwanu adzuke, asambe ndi kufika. Kuno kwathu anthu ambiri sakhala pafupi ndi ntchito. Wina amachokera ku Lifuwu, wina ku Chipoka, wina amadikira minibasi kapena kabaza pa msewu wa M5, kotero kumudziwitsa bwana mphindi khumi ntchito isanayambe kuli ngati kusamudziwitsa. Ine ndimalangiza ola limodzi lathunthu pa ntchito ya mu ofesi kapena m'sitolo, ndi maola awiri pa ntchito yosinthana mashifiti, monga ya ulonda, ya m'khitchini, ya unamwino kapena ya m'fakitale, chifukwa pa ntchito zimenezi mnzanu amene wagwira usiku sangachoke inu musanafike. Ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa amalawirira kukadali mdima, ndipo kwa iwo ndi bwino kuwauza akapitawo usiku womwewo ngati zaoneka kale kuti thupi silidzalola.

Ena amaopa kutumiza uthenga 4 koloko mbandakucha poganiza kuti adzutsa bwana. Uthenga wolembedwa sudzutsa munthu ngati mmene ichitira foni yoimba, ndipo nthawi imene walembedwa imakhala umboni wakuti simunazengereze. Lembani pamene mwazindikira kuti simutha, ndipo ngati pakufunika kuimba, mudzaimbe kukacha.

Kodi kuimba foni sikuposa kulemba?

Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi ntchito yake. Kuimba kumatsimikizira kuti bwana wamva, ndipo mabwana ambiri achikulire amaona kuti kuimba ndi ulemu. Kulemba kumasiya umboni wokhala ndi tsiku ndi nthawi. Njira imene sinandikhumudwitsepo ndi yoyamba kulemba, kenako kuimba ngati papita mphindi 20 kapena 30 popanda yankho. Ngati mwayamba ndi kuimba ndipo mwagwirizana, tumizanibe mzere umodzi wakuti: "Monga takambirana pa foni, lero sindibwera chifukwa cha kudwala." Mzere umenewu sukutanthauza kuti mukuwakayikira bwana. Kumapeto kwa mwezi amene amawerengera malipiro nthawi zambiri sakhala munthu amene munalankhula naye, ndipo iye amatsata zolembedwa.

Pa WhatsApp yang'anani zizindikiro za m'mbali mwa uthenga. Chizindikiro chimodzi chikutanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu koma sunafike pa foni ya bwana, ziwiri zikutanthauza kuti wafika, ndipo zikasanduka zobiriwira ngati mtambo ndiye kuti wautsegula, ngakhale kuti ena amazimitsa chizindikiro chomalizachi. Kachizindikiro ka wotchi kakusonyeza kuti uthenga sunachoke n'komwe. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi m'midzi yotalikira ndi msewu, mmene netiweki imabwera n'kuchoka, uthenga ukhoza kukhala pa kawotchiko mpaka masana, inu muli pa mzere kuchipatala mukuganiza kuti zonse zili m'malo. Mukaona kawotchi kapena chizindikiro chimodzi, musadikire, tumizani SMS kapena imbani.

Kodi ndingatumize mnzanga kuti akanene?

Mnzanu akhoza kuwonjezera pa uthenga wanu, koma asalowe m'malo mwake. Nkhani zambiri zimene ndinaziona zikufika pa kalata ya chenjezo zinayamba ndi mawu akuti "ndinawauza anzanga kuti akuuzeni". Mnzanuyo anachedwa, kapena anaiwala, kapena anauza munthu wina amene sanali woyenera, kapenanso iye yemwe sanapite kuntchito tsiku limenelo. Uthenga upite kwa amene amakuyang'anirani mwachindunji, amene amagawa ntchito ya tsiku ndi kulemba za ojomba. Kwa mphunzitsi amenewa ndi ahedi kapena achiwiri awo, kwa wa m'munda ndi akapitawo, kwa mlonda ndi amene amakonza ndondomeko ya mashifiti. Kulemba pa gulu la WhatsApp la antchito onse sikokwanira, chifukwa uthenga wanu umakwiririka ndi ena, komanso mwaulula matenda anu kwa anthu 30 popanda chifukwa.

Zimasiyana pamene mwadwala kwambiri moti simungagwire foni. Pamenepo amuna anu, akazi anu kapena amene akukudwazikani alembe, makamaka pogwiritsa ntchito foni yanu kuti nambala idziwike, ndipo ayambe ndi kudzitchula: "Bwana, ndine mkazi wa a Uje amene amagwira ntchito ya ulonda. Adwala kwambiri usiku ndipo awagoneka pa chipatala cha boma ku Nkhotakota. Lero sabwera. Ndikudziwitsani madzulo mmene zikuyendera." Chifukwa cha zimenezi ndi bwino kuti nambala ya bwana wanu ilembedwenso penapake pakhomo, ngakhale kuseri kwa kalendala, kuti a m'banja asavutike kuifuna.

Kodi ndiyenera kutchula dzina la matenda?

Mu uthenga wa m'mawa simukukakamizidwa. Mawu akuti "ndadwala ndipo sinditha kugwira ntchito lero" ndi okwanira, ndipo ngati mukufuna kuwonjezera, nenani zimene mukumva, monga kutentha thupi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, osati dzina la matenda limene dokotala sanakuuzeni. Kuno kunyanja tinazolowera kunena kuti "ndadwala malungo" thupi likangotentha, pakuti malungo ndi ofaladi ku Salima ndi ku Nkhotakota, makamaka m'nyengo ya mvula. Koma vuto limabwera pamene mwalemba kuti muli ndi malungo, kenako kuchipatala akubayani chala, kachipangizo koyezera kaonetsa mzere umodzi wokha, ndipo m'buku mwalembedwa matenda ena. Bwana wokayikira adzaona kusiyana kumeneko ngati bodza, pamene inu munadwaladi. Mukalemba kuti "thupi likutentha", palibe chimene chidzatsutsane ndi zolemba za kuchipatala.

Pali matenda amene kuwatchula n'kofunika chifukwa cha anthu ena. Wophika, woperekera zakudya, wogulitsa m'lesitilanti kapena wosamalira ana akatsegula m'mimba ayenera kunena mosabisa, ndipo asabwerere kukagwira chakudya cha anthu kufikira patapita masiku awiri kutsegulako kutaleka. Amene anaona kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, akudziwa chifukwa chake. Ndipo ngati m'mimba mukutseguka madzi okhaokha mobwerezabwereza, musataye nthawi ndi kukonza mawu okoma a uthenga. Yambani kumwa thanzi, thamangirani kuchipatala, wina alembe m'malo mwanu.

Matenda ena ndi chinsinsi chanu. Simuyenera kufotokoza za kachilombo ka HIV, za mavuto a amayi kapena za matenda a maganizo mu uthenga wa pa foni, umene ukhoza kuwerengedwa ndi aliyense amene wagwira foni ya bwana. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa chokhala ndi kachilomboka. Bwana akaumirira kufunsa, yankho laulemu ndi lakuti: "Ndibweretsa kalata ya a dokotala, ndipo ifotokoza zoyenera."

Kodi uthengawu ndi wopempha chilolezo kapena wodziwitsa?

Funso ili limavutitsa anthu ambiri chifukwa ulemu wathu umatikokera ku mawu opempha. Timalemba kuti "ndimati ndipemphe ngati kungatheke kuti mwina lero ndipumeko", ndipo tikatero tapereka kwa bwana chinthu chimene sichili m'manja mwake. Akayankha kuti "ayi, bwerani, lero kuli alendo ambiri", mudzatani pamene miyendo ikukana kuima? Ngati mwadwaladi, uthengawo ndi wodziwitsa. Ulemu umaoneka m'malonje, m'mawu akuti pepani, m'kuwatchula bwana kapena madamu monga mumawatchulira masiku onse, ndiponso m'kuwaganizira pa za makiyi ndi ntchito yotsala. Ulemu suli m'kusiya nkhani ili lende.

Komanso musachulukitse kupepesa ndi kufotokoza. Uthenga wa mizere 15, wonena mmene munayambira kumva litsipa dzana, zimene munadya ndi zimene ananena apongozi anu, umabisa mawu ofunika, ndipo kwa ena umaoneka ngati wa munthu amene akuyesetsa kuti amukhulupirire. Pepani mmodzi ndi wokwanira.

Ndikatumiza uthenga, kodi tsikulo ndilipidwa?

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Uthenga umakutetezani kuti musawerengedwe ngati wojomba popanda chifukwa, koma chimene chimakupatsani tchuthi cholipidwa cha matenda ndi kalata ya dokotala. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 46, limati wantchito amene watha miyezi 12 akugwira ntchito mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha milungu yosachepera inayi pa malipiro onse, ndi milungu ina isanu ndi itatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Gawo lomwelo limanenanso kuti wolemba ntchito sakukakamizidwa kupereka tchuthicho pokhapokha wantchito atabweretsa kalata yochokera kwa wachipatala wovomerezeka, yofotokoza chimene chamulepheretsa kugwira ntchito.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku sitolo uja amalandira ndalama zokwana K50,000 pa mlungu, ndipo matenda ake akula moti wakhala pakhomo milungu isanu ndi umodzi, kalata za dokotala zili m'manja. Milungu inayi yoyamba alandira K200,000, ndipo milungu iwiri yotsalayo alandira K25,000 pa mlungu, zonse pamodzi K250,000. Ziwerengero za m'lamulozi ndi malire a pansi, kotero kuti mgwirizano wanu wa ntchito ukhoza kupereka zoposa pamenepa koma osati zochepera. Ogwira ntchito m'boma ali ndi malamulo awo a kayendetsedwe ka ntchito amene amafotokoza za tchuthi chawo.

Amene sanakwanitse miyezi 12, kuphatikizapo ambiri olembedwa pa nyengo yodula nzimbe kapena yogula mbewu, lamuloli silikakamiza bwana kuwalipira masiku odwala, pokhapokha mgwirizano wawo utanena choncho. Komabe iwo ndi amene akufunika kwambiri kutumiza uthenga, chifukwa ntchito yawo ndi yosavuta kuipereka kwa wina.

Kodi buku la kuchipatala ndi lokwanira ngati umboni?

Malo ambiri a ntchito amalilandira pa matenda a tsiku limodzi kapena awiri, koma ine sindilimbikitsa kulipereka lonse. M'buku lanu la kuchipatala muli mbiri ya zaka zambiri, ndipo kalaliki amene akufuna tsamba limodzi adzatsegula ndi masamba ena. Chabwino n'chakuti muli m'chipinda cha dokotala, musanatuluke, munene kuti: "Ndimagwira ntchito, ndikufuna kalata yopita nayo kwa abwana." Kalatayo ikhale ndi dzina lanu, tsiku, masiku opuma amene akupatsani, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Mukaiwala n'kufika kunyumba, mudzayenera kubwereranso kukaima pa mzere womwe uja, ndipo mwina amene anakuonani sadzakhalapo. Ngati kalata sinatheke, jambulani tsamba la tsiku limenelo lokha.

Chimene chimavulaza anthu ambiri ndi kugula mankhwala pa golosale n'kugona pakhomo. Panado amatsitsa kutentha kwa thupi, munthu n'kuganiza kuti mawa adzuka, ndipo masiku atatu amatha asanaonane ndi wachipatala aliyense. Pa tsiku lachinayi alibe kalata, malipiro a masiku atatu ali pa chiopsezo, ndipo ngati anali malungo, akhala akukula nthawi yonseyo. Pa chifukwa chimenechi mawu akuti "ndikupita kuchipatala" ayenera kukhala oona osati okometsera uthenga.

Nanga matenda akapitirira tsiku limodzi?

Uthenga wa m'mawa unali wa tsiku limenelo lokha, choncho pakufunika wachiwiri, ndipo umenewu ndi umene anthu ambiri amauiwala. Tibwerere kwa mayi uja. Pofika 1 koloko masana wayezedwa, apezadi malungo, wapatsidwa mankhwala a LA, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo dokotala wamulembera masiku atatu opuma. Iye akulemba kuti: "Bwana, ndachokera kuchipatala. Andipeza ndi malungo ndipo andipatsa masiku atatu opuma, kuyambira lero Lachiwiri mpaka Lachinayi. Ndibwera Lachisanu m'mawa ndi kalata yake." Taonani kuti watchula masiku ndi mayina awo. Mawu akuti "masiku atatu" okha amabweretsa mkangano, chifukwa wina amawerengera kuyambira lero pamene wina akuyambira mawa.

Akatumiza uthenga umenewu safunikanso kulemba m'mawa uliwonse. Koma ngati Lachinayi madzulo akuona kuti thupi silinabwerere, alembe madzulo omwewo, ndipo Lachisanu apitenso kuchipatala kuti akamuonenso ndi kumuwonjezera masiku, pakuti kalata yoyamba siikuphimba tsiku limene silinalembedwemo. Ngati dokotala sanatchule chiwerengero cha masiku, ndiye kuti m'mawa uliwonse umene simukupita mukufunika kudziwitsa.

Ndinenepo kuti kumva bwino pa tsiku lachiwiri la mankhwala si chifukwa chosiyira kumwa kapena chothamangira kuntchito. Malizani mankhwala onse monga anakuuzirani.

Bwana akapanda kuyankha, kapena akayankha mokalipa, nditani?

Akapanda kuyankha, imbani kamodzi kapena kawiri, ndipo zikakanika tumizani uthenga womwewo kwa wachiwiri wawo kapena ku ofesi yoona za antchito, ndi kuwonjezera kuti mwayesa kuwapeza abwana koma simunawapeze. Mukatero mwachita mbali yanu, pitani kuchipatala. Musafufute mauthengawo, ndipo ngati foni yanu imatha kujambula zimene zili pa sikirini, jambulani.

Akayankha mokalipa, kapena ndi mawu akuti mukapanda kubwera musadzabwerenso, musabwezere. Mkangano wa pa foni umene mwauyamba thupi likutentha udzawerengedwa pa tsiku la mlandu, ndipo mawu amwano adzaiwalitsa anthu kuti munadwaladi. Yankhani kamodzi: "Ndamva bwana. Pepani, thupi silikundilola. Ndibweretsa kalata ya kuchipatala." Lamulo la chaka cha 2000 lija, pa gawo 57, limanena kuti kusapezeka pantchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Koma gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda chidziwitso ngati wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Kusiyana kwa munthu amene akutetezedwa ndi gawo 57 ndi amene akugwa pa gawo 59 nthawi zambiri kumakhala pa zinthu ziwiri zokha, uthenga wa m'mawa ndi kalata ya dokotala. Zinthu zikafika poipa, dandaulo limayambira ku ofesi ya za ntchito ya pa boma, ndipo likakanika kumeneko limapita ku bwalo la milandu ya za ntchito.

Kodi ndingalembe uthenga womwewu ngati wadwala ndi mwana wanga?

Ayi. Tchuthi cha matenda ndi cha kudwala kwa inu mwini, ndipo kalata ya kuchipatala idzakhala ndi dzina la mwana osati lanu. Nenani zoona, kuti mwana wadwala ndipo mukupita naye kuchipatala, ndipo apa ndi pamene mawu opempha ali oyenera, chifukwa tsikulo likhoza kuchotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka kapena kuperekedwa mwa chifundo cha bwana. M'dera laling'ono ngati Salima, mmene bwana wanu akhoza kukhala pa mzere womwewo kuchipatala kapena kukumana nanu pa msika, kunama kuti mwadwala ndinu kumaululika msanga, ndipo kumachititsa kuti tsiku limene mudzadwaladi asadzakukhulupirireni.

Nanga ngati chandilepheretsa ndi kuvulala kumene kunachitikira kuntchito dzulo?

Pamenepo uthenga uyenera kunena zimenezo momveka, ndi kutchula nthawi, malo ndi amene anaona. Mwachitsanzo: "Akapitawo, ndine Uje. Chikwanje chinanditema mwendo dzulo cha m'ma 11 koloko m'munda, anzanga awiri analipo. Usiku watupa ndipo sindikutha kuponda. Lero sindibwera, ndikupita kuchipatala." Kuvulala kwa pantchito kumayendera lamulo lina, la chipepeso cha ogwira ntchito, ndipo mukangolemba kuti "ndadwala" mumataya umboni woyamba wosonyeza kuti bala linachokera kuntchito. Kuchipatala nakonso nenani kuti munavulalira pantchito, kuti zilembedwe choncho m'buku.

Tsiku lobwerera kuntchito ndichite chiyani?

Musanayambe ntchito ina iliyonse, pitani kwa bwana ndi kalata ya dokotala. Ngati n'kotheka yambani mwaijambulitsa kuti musunge kope lanu, pakuti mapepala amasowa m'maofesi, ndipo funso la malipiro limabwera patapita milungu. Onetsetsani kuti m'buku la obwera ndi ojomba, pa masiku amene munalibe, alemba kuti munadwala osati kuti munajomba, chifukwa wowerengera malipiro amayang'ana m'buku limenelo osati m'foni ya bwana. Mayi wa ku sitolo uja, Lachisanu m'mawa, akapereka kalata ndi kuona zolembedwa m'buku, alandire makiyi ake, ndipo asanasaine kuti walandira awerenge katundu wa m'sitolo pamodzi ndi amene anamugwirira ntchito, kuyambira ndi makireti a zakumwa amene anafika Lachiwiri iye kulibe.